Mawu a vidiyo ya thobwa ndajambula kale, nanga zithunzi ndiyambire pati?

Nachisale: Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za mavidiyo. Ndinalemba nkhani ya momwe agogo anga amaphikira thobwa la chimera cha mawere, ndipo ndawerenga ndekha n'kujambula mawuwo pa foni. Atalika mphindi imodzi ndi masekondi 48. Akumveka bwino chifukwa ndinajambula usiku anthu atagona, nditadzifunditsa bulangete. Sindikufuna kuti nkhope yanga izingoyankhula vidiyo yonse, ndikufuna anthu azimva mawu anga uku akuona ntchitoyo ikuchitika. Loweruka ndikupita kumudzi ku Dedza, ndikakhala masiku atatu okha. Ndikajambule chiyani ndi chiyani kuti ndisadzazindikire ndabwerera kale ku Lilongwe kuti china chasowa?

Bambo a Tadala: Zosavuta izo achemwali. Ikani foni pa 4K, itsamizeni penapake, agogo akayamba kuphika inu yatsani mpaka amalize. Mudzasankha zabwino pobwera. Chilichonse chikhala momwemo.

Nangozo: Thobwa la mawere okha limakoma koma musaiwale kuti phalalo lizizire kaye musanathire chimera. Likakhala lotentha kwambiri silisungunuka. Ine ndimaika chala, chikapirira ndiye kuti lafika. Shuga muthire mawa lake mutawiritsanso.

Nachisale: Zikomo amayi, kaphikidweko agogo ndi akatswiri. Vuto langa ndi la zithunzi.

Wamaukwati: Mayi Nangozo ayankha funso lina, koma atipatsa shoti imodzi yofunika osadziwa: chala chikulowa m'phala. Isungeni, tibwererako.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo zomwe anena Bambo a Tadala ndi zomwe zimavutitsa anthu ambiri. Mukatsamiza foni pamalo amodzi kwa mphindi 40, mubwera ndi shoti imodzi yotalika mphindi 40. Podula mudzapeza kuti chidutswa chilichonse chikufanana ndi chinzake, agogo akungodumphadumpha pamalo omwewo ngati vidiyo yaonongeka. Komanso 4K pa mafoni ambiri imadya pakati pa 170MB ndi 350MB pa mphindi imodzi. Mphika usanawire foni idzakhala itadzadza, itatenthanso.

Achemwali, mwayi wanu ndi woti mawu alipo kale, ndiye ndi mawuwo amene akuuzeni zojambula. Valani mahedifoni, tengani kope, seweretsani mawuwo. Chiganizo chilichonse chikatha, imitsani, lembani sekondi imene chayambira ndi imene chathera. Mukatero tiponyereni pano.

Bambo a Tadala: Koma 4K ili ndi ubwino wake, umatha kukoka chithunzi podula osaonongeka.

Wamaukwati: Pamenepo mwanena zoona. Ngati vidiyo yomaliza ndi ya 1080p, shoti ya 4K mutha kuikoka mpaka kawiri ikadali yoyera. Ingosungirani shoti imodzi kapena ziwiri zimene sizingabwerezedwe. Zina zonse 1080p yakwana, makamaka poti ambiri akaonera pa WhatsApp pomwe vidiyo imafinyidwa kale.

Nachisale: Ndachita. Sindilemba mawu onse, ndingoika mitu:

0:00 mpaka 0:09, kwathu mlendo akafika agogo sayamba ndi mafunso, amayamba ndi chikho cha thobwa.
0:09 mpaka 0:27, kuviika mawere, kuwavundikira mpaka amere, kuyanika, kugayitsa.
0:27 mpaka 0:44, kuphika phala la mgaiwa.
0:44 mpaka 1:06, kudikira lizizire, kuthira chimera, phala lolimba lija kusanduka lamadzimadzi.
1:06 mpaka 1:20, kugoneka usiku wonse, m'mawa kuwiritsanso.
1:20 mpaka 1:38, kale anthu akalima dima ankamwa thobwa kumunda, lero tikuliona m'mabotolo pamsika.
1:38 mpaka 1:48, kutsanzika, agogo akumwa.

Wamaukwati: Eya, tsopano tili ndi pogwira. Tiwerengere limodzi. Masekondi onse ndi 108. Pa vidiyo ya ntchito yamanja ngati iyi, diso limatopa chithunzi chimodzi chikapitirira masekondi anayi kapena asanu popanda chatsopano chochitika. Tikagawa 108 ndi 4 tikupeza mashoti 27. Amenewo ndi olowa mu vidiyo. Ena adzatuluka ogwedera, ena akuda, ndiye kajambuleni pafupifupi 40. Iliyonse muziigwira masekondi 10 osasuntha, ngakhale mukudziwa kuti mudzagwiritsa ntchito anayi okha, chifukwa sekondi yoyamba dzanja limakhala likugwederabe ndi kudina, yomalizanso chimodzimodzi. Mashoti 40 a masekondi 10 sakwana ndi mphindi 7 zomwe, ndipo pa 1080p sizipitirira 1GB.

Koma pali chinthu chimene chandidetsa nkhawa pa mndandanda wanuwu. Onani 0:09 mpaka 0:27. Masekondi 18 amenewo ndi ntchito ya masiku ambiri: mawere aviikidwe, amere, aume. Inu muli ndi masiku atatu. Mukafika Loweruka n'kuyamba kuviika, mudzanyamuka chimera chisanaume, mwinanso chisanamere bwino, ndipo thobwa silidzaphikidwa.

Imbirani kumudzi lero lomwe. Apempheni agogo aviike mawere pang'ono tsopano kuti pofika Loweruka akhale atatulutsa timizu. Asungenso mbale imodzi ya mawere osaviika, ndi chimera chouma kale chophikira. Mukatero zonse zitatu mudzazijambula m'mawa umodzi: manja akuthira mawere ouma m'madzi, dzanja likuvundukula omera aja, ndi chimera chikuyanikidwa pamphasa. Woonera adzaona ngati munakhalako sabata yonse.

Nachisale: Mayo ine, izi sindinaziganize n'komwe. Ndiimba madzulo ano, foni ili ndi amalume.

Wa ku Joni: Kodi si chinyengo chimenecho? Kuonetsa mawere ena ngati ndi omwe aja?

Wamaukwati: Chikanakhala chinyengo akanati mawu akunena kuti "taonani mawere omwewa patapita masiku atatu". Mawu a achemwaliwa akungofotokoza njira, ndipo njirayo ndi yoona. Mapulogalamu ophika a pa wailesi yakanema amatero, mphika wina umakhala utapsa kale pambali.

Wa ku Joni: Chabwino, komabe ine ndikanakonda zenizeni. Ine ndinapanga yanga ya nkhuku zanga kuno, mawu ndinajambula bwinobwino mphindi ziwiri. Nditalowa mu pulogalamu yodulira mavidiyo ya CapCut ndinapeza kuti ndili ndi mavidiyo 15 koma onse ndi nkhuku zikudya, ndaima pakhomo la khola. Pamene mawu amanena za katemera panalibe choonetsa, ndinangoikapo nkhuku zikudya. Pamene amanena za mtengo wa chakudya, nkhuku zikudyanso. Mlamu wanga anandifunsa ngati nkhukuzo zimagona. Mapeto ake ndinakatenga timavidiyo taulere pa intaneti, koma munali nkhuku za m'mafamu akuluakulu a azungu, anthu anaseka.

Wamaukwati: Achimwene, matenda anu ndi omwe ndikufuna achemwaliwa awapewe. Munajambula chinthu chimodzi muli pamalo amodzi. Mankhwala ake ndi akuti ntchito iliyonse muziizungulira kasanu. Titenge kuphika phala, 0:27 mpaka 0:44, masekondi 17, pakufunika mashoti anayi kapena asanu.

Yambani ndi manja: foni pafupi, muoneke mthiko ndi dzanja likutakasa basi. Kenako nkhope ya agogo akuyang'ana mumphika, osati kwa inu. Kenako bwererani m'mbuyo masitepe asanu kuti tione malo onse, mafuwa, nkhuni, agogo atakhala, khoma la khitchini. Kenako imani kumbuyo kwawo, foni pamwamba pa phewa, tione zimene iwo akuona. Yachisanu ndi yanu yosankha: foni pansi penipeni kuloza moto ukunyambita mphika, kapena ufa ukugwa kuchoka m'lichero. Kutakasa phala kumatenga nthawi, ndiye zisanu zonsezi mutha kuzitenga agogo osaimitsidwa ngakhale kamodzi.

Chifukwa chake n'chakuti podula, shoti yapafupi ikatsatana ndi yapatali, diso silidandaula ngakhale mwadumpha mphindi khumi pakati. Koma ziwiri zofanana kukula zikatsatana, kudumphako kumaonekera. Ndipo muziyenda ndi miyendo, musamakoke ndi zala pa sikirini. Kukoka ndi zala pa mafoni ambiri kumangokulitsa chithunzi chomwecho n'kuchichititsa mbuu.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Ndawerenga zonse mwachidwi. Funso langa lili pa 1:20 mpaka 1:38. Zophikazo n'zooneka ndi maso, koma "kale anthu akalima dima" mujambula bwanji? Kale silijambulika. Mwina asonkhanitse anyamata a m'mudzi avale zakale ayerekeze kulima?

Bambo a Tadala: Ndi kuikapo mtundu wakuda ndi woyera uja, zizioneka zachikale.

Wamaukwati: Aphunzitsi mwakhudza povuta penipeni. Ziganizo zopanda chinthu chogwirika ndi zimene zimasiya mabowo. Sewero ine sindilimbikitsa, pokhapokha ngati muli ndi tsiku lonse ndi anthu odziwa kusewera. Anyamata amayang'ana kamera n'kumaseka, wina wavala jezi ya mpira, ndipo vidiyo imene inali yaulemu imasanduka nthabwala.

Funani zinthu zimene zinaliko kalelo ndipo zikadalipo. Makasu atatu kapena anayi atatsamira pankhokwe. Mizere ya m'munda m'mawa, mulibe munthu. Chikho chakale chokhala ndi mng'alu. Manja a agogo ali pamaondo, makwinya akuoneka. Mawu akamati "kale", woonera akuona makasu opanda eni ake, mutu wake umadzaza wokha anthuwo. Kenako mawu akafika pa "lero", dulani n'kuika mabotolo a thobwa ali m'ndowa pamsika. Imeneyo simufunikanso kukaitenga ku Dedza, ku Lilongwe komweko ilipo, kungopempha wogulitsa ndi kumugula botolo limodzi.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Ndamva, ngakhale ndikuonabe kuti ana a masiku ano sadziwa dima, makasu okha sangawauze kuti anthu ankalima pagulu. Pakanakhala chithunzi chakale cha m'banjamo chikanathandiza.

Nachisale: Chithunzi cha dima palibe aphunzitsi. Chilipo cha agogo aamuna ali kumunda, chili mufelemu pakhoma.

Wamaukwati: Chimenecho ndi chuma. Musachijambule chili pakhoma, galasi lidzaonetsa inu ndi foni yanu. Agogo achinyamule m'manja panja pamthunzi, inu mujambule kuchokera paphewa pawo. Nkhawa ya aphunzitsi ndi yomveka, koma imeneyo ndi ntchito ya mawu. Ngati chiganizo sichikufotokoza dima, onjezani mawu asanu n'kujambulanso chiganizocho.

Tsopano shoti imene vidiyo yonse yatsamirapo, 0:44 mpaka 1:06. Phala lolimba kusanduka lamadzi ndi chinthu chimene ambiri omwa thobwa la m'botolo sanachionepo, ndipo chimachitika kamodzi pa mphika umodzi. Apa ndi pamene malangizo a Bambo a Tadala akugwira ntchito: foni itsamizidwe, isasunthe, ndipo ngati mukufuna 4K ndi pano. Sanjani njerwa kapena gadabuzani mtondo pafupi ndi mphika, foni iyang'ane mkati chopendekera. Dinikizani chala pa sikirini pamene pali phala mpaka itseke kuwala ndi fokasi. Pa iPhone pamalembedwa AE/AF LOCK, pa ma Android ambiri pamabwera kachizindikiro ka loko. Mukapanda kutero, dzanja la agogo likangolowa, foni iyamba kusakasaka, chithunzi chiziwala n'kumada.

Mutenge zitatu foni ili pomwepo. Choyamba agogo atukule mthiko chimera chisanalowe, phala likukakamira, likugwa mwaulesi. Chachiwiri chimera chikuthiridwa ndi kutakasidwa. Chachitatu, lija litasungunuka, atukulenso mthiko chimodzimodzi, lizichucha. Yoyamba ndi yachitatu mukadzaziika motsatana, simudzafunika kufotokoza chilichonse. Chala cha Mayi Nangozo chija chibwere patsogolo pa zonsezi, pamene mawu akuti "lizizire".

Nangozo: Ndiye mwaona kuti ndinayankha bwino. Koma mwana wanga, uwauze agogo asambe m'manja pooneka, anthu a pa intaneti ndi olongolola.

Nachisale: Hahaha amayi, ndalemba, shoti nambala 12. Funso lina: khitchini ya agogo ndi yamdima, kawindo n'kamodzi, utsi tho. Nditani?

Wamaukwati: Apempheni asamutsire mafuwa panja, pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde. Foni mumdima imatulutsa chithunzi cha mchengamchenga ndipo palibe pulogalamu imene ingachikonze bwino. Panja pewani dzuwa la masana, phala ndi loyera, limawala mpaka kuoneka ngati pepala lopanda kanthu. M'mawa isanakwane 9 koloko kapena madzulo kuyambira cha m'ma 3 ndi nthawi yabwino. Nthunzi ndi utsi zimaoneka bwino dzuwa likakhala kuseri kwake, ndiye pa shoti ya mphika ukuwira imani moyang'anana ndi dzuwa, koma lisalowe m'chithunzi. Ndipo yendani ndi kansalu. Nthunzi ikagunda lenzi zonse zimachita chifunga, inu pa sikirini padzuwa simuona msanga. Pukutani musanayambe shoti iliyonse ya pamphika.

Wa ku Joni: Nanga foni aigwire choimika kapena chogoneka? Ine ndimati chogoneka ndiye vidiyo yeniyeni.

Bambo a Tadala: Choimika. Ndani amatembenuza foni masiku ano? Pa TikTok ndi pa sitetasi zonse n'zoimika.

Wamaukwati: Zimenezo asankhe mwini wake poona kumene akaiike. Changa n'chimodzi: asankhe asananyamuke, ndipo mashoti onse 40 akhale mbali imodzi. Ngati ndi choimika, chofunika chizikhala pakati, chifukwa pansi ndi m'mbali mumadzadza mawu ndi mabatani. Shoti ya munda ndi imene imavuta choimika, muyenera kupeza mzere kapena kanjira koloza kutali.

Nachisale: Ndipanga choimika, abale ambiri akaonera pa WhatsApp. Ndidzakuuzani ndikabwera.

Nachisale: Ndabwerako abale. Ndabwera ndi mashoti 46. Zambiri zayenda, shoti ya mthiko ija yatuluka mochititsa kaso moti amalume anaionera kanayi. Koma mavuto alipo atatu. Loweruka agogo anavala chitenje chobiriwira, Lamulungu powiritsanso anavala chofiira chifukwa amachokera kutchalitchi. Chachiwiri, ndinajambula mphika utavundikiridwa usiku kunyumba kwa amalume pansi pa babu, ndipo chithunzi chikuphethira, mizere ikuyenda. Chachitatu, ndaika zonse pamwamba pa mawu koma vidiyo ikumveka yakufa, ngati ndikuwerenga nkhani za maliro.

Wamaukwati: Mwagwira ntchito. Chitenje chisakudetseni nkhawa, mwapulumukira pa mawu anu omwe: akunena kuti "m'mawa mwake", ndiye chitenje china chikuthandiza kuonetsa kuti kwacha. Chikanavuta chikanasintha pakati pa kutakasa ndi kuthira chimera. Ongoonetsetsani kuti shoti ya chofiira isalowe 1:06 isanakwane.

Kuphethirako ndi nkhani ya magetsi. Magetsi a kuno ndi a 50Hz, pomwe foni yanu mwina ikujambula pa 30fps, kutanthauza zithunzi 30 pa sekondi, ndiye mababu ena, makamaka otchipa, sagwirizana nayo. Pa 25fps vutoli limachepa kwambiri. Pa iPhone mumalowa Settings, Camera, Record Video n'kuyatsa Show PAL Formats, kenako n'kusankha 25fps. Ma Android ena ali ndi Anti-flicker kapena Anti-banding m'makonzedwe a kamera, mumasankha 50Hz, ena alibe. Koma yojambulidwa kaleyo itayeni. Chiganizo cha usikucho n'chachifupi: vundikirani mphika wofanana nawo kwanu komweko, muujambule chapafupi kunja kukuchita chisisira, chivundikiro chokha chizioneka. Kapena ngati muli ndi shoti ya moto ukuzima, imanenanso kuti tsiku latha.

Za kufa kwa vidiyo, ndikukayikira kuti munazimitsa phokoso la mashoti onse. N'zoona?

Nachisale: Eya, ndinazimitsa kuti lisasokoneze mawu anga.

Wamaukwati: Libwezereni, koma pansi. Kuthetheka kwa nkhuni, mthiko ukukhula mphika, thobwa likuthiridwa m'chikho, tambala kutali, zimenezo ndi zimene zimamuika munthu pamudzi. Mu CapCut dinani shoti, pitani pa Volume, tsitsani mpaka mawu anu azimveka osalimbana nalo. Yesani pa sipika ya foni, osati pa mahedifoni okha, poti ambiri adzamvera pa sipika. Pamene wina akuyankhula kumbuyo kapena wailesi ikuimba, pamenepo zimitsani ndithu.

China, musaope kudula mawu anu. Pa 1:06, phala litangosungunuka, patuleni mawuwo, musiye masekondi awiri opanda kuyankhula, timve kuchucha kokha. Vidiyo italika pang'ono, palibe kanthu. Ndipo chithunzi chizifika kanthawi kochepa mawu ake asanafike, theka la sekondi lakwana. Tione chimera kaye, kenako timve "chimera". Chikabwera mochedwa, woonera amakhala ngati akuthamangitsa mawu.

Bambo a Tadala: Ikaniponso kanyimbo, ndi kuchedwetsa shoti yothira m'chikho ija iziyenda pang'onopang'ono.

Wamaukwati: Kuchedwetsa kumakoma ngati inajambulidwa pa 60fps. Ya 30fps mukaichedwetsa ndi theka imayamba kudukiza. Nyimbo ine sindikanaika, phokoso la pamudzi lakwana, koma pamenepo timasiyana ndi anthu ambiri.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Nanga dima lija munalitani?

Nachisale: Ndaika makasu, munda, ndi chithunzi cha agogo aamuna chili m'manja mwa agogo. Mng'ono wanga wa Fomu 2 ataonera anafunsa kuti dima n'chiyani, ndiye aphunzitsi munali ndi mfundo. Ndijambulanso chiganizocho usiku uno. Koma ndikuopa kuti mawu atsopano adzamveka mosiyana ndi akale aja.

Wamaukwati: Chipinda chomwecho, bulangete lomwelo, foni italikirane ndi pakamwa monga poyamba. Mverani chiganizo cham'mbuyo kawiri musanayambe kuti mutenge liwiro lake, ndipo muwerenge kuyambira chiganizo chimenecho, osati chatsopano chokha. Chikatalika ndi masekondi anayi, mufunika shoti ina imodzi pamenepo. Mwa 46 aja muli nayo ya anthu akudutsa ndi makasu paphewa?

Nachisale: Ndili nayo ya azakhali awiri akupita kudimba, ndinawajambula cham'mbuyo. Koma sindinawauze kuti ilowa mu vidiyo.

Nangozo: Uwaimbire kaye mwana wanga. Azakhali ako ndi a kumudzi, akadziona pa foni ya munthu wina asanamve kwa iwe, nkhani yake ifika kwa amfumu.